Galimoto ya pasikirini imene inakana kuyenda mofanana

Wophunzira kupanga masewera a pakompyuta amajambula msewu wokhota, n'kuikapo kagalimoto koti kayende kuchokera koyambira mpaka kothera m'masekondi 4. Akangoyatsa, kagalimoto kamanyamuka ngati kamba, koma pofika kumapeto kali fumbi koboo! Iye sanalembe paliponse kuti kawonjezere liwiro. Vuto lagona m'mene kompyuta imaudziwira mzerewo.

Mizere yambiri yokhota ya pasikirini ndi ya mtundu wa Bézier, dzina la injiniya Pierre Bézier amene ankaigwiritsa ntchito pojambula magalimoto ku kampani ya Renault ku France. Kompyuta siisunga mzere wotere ngati chingwe. Imasunga timadontho tochepa ndi lamulo lakuti: ndipatse nambala t, yapakati pa 0 ndi 1, ndikuuze malo. Ambiri amayesa kuti t ndi mtunda, kotero kuti 0.5 ndiye pakati pa ulendo. Si choncho ayi.

Titenge msewu wa timadontho titatu: (0, 0), (50, 0) ndi (100, 200), m'mamita. Lamulo lake ndi x = 100t, y = 200t². Sekondi iliyonse tiziwonjezera 0.25 pa t. Kagalimoto kapezeka pa (25, 12.5), kenako (50, 50), kenako (75, 112.5), n'kuthera pa (100, 200). Tikayeza mtunda wowongoka pakati pa malo otsatizanawa ndi lamulo la Pythagoras, tipeza kuti sekondi yoyamba kayenda mamita 28.0, yachiwiri 45.1, yachitatu 67.3, yomaliza 91.0. Liwiro lakwera kuposa katatu, pomwe t ankakwera mofanana.

Mankhwala ake ndi kusintha funso. M'malo mofunsa kuti pa t wakuti tili pati, tifunse kuti tikayenda mamita akuti, t ndi angati. Zili ngati kugoneka chingwe motsata msewuwo, kumanga mfundo pa mita iliyonse, n'kumayenda mfundo ndi mfundo. Mzere sunasinthe mpang'ono pomwe; chasintha ndi mawerengedwe a malo ake. Akatswiri a masamu amati mzerewo tsopano ukuyezedwa ndi utali wake womwe, umene amaulemba s.

Pochita zimenezi timapanga tebulo la mtunda wonse umene wayendedwa. Pa t = 0.25 ndi mamita 28.0, pa 0.5 ndi 73.0, pa 0.75 ndi 140.3, ndipo pa 1 ndi 231.3. Tsopano pakatha masekondi 2 kagalimoto kayenera kukhala pa theka la ulendo, pa mamita 115.7. Nambalayi ili pakati pa 73.0 ndi 140.3. Yapitirira 73.0 ndi mamita 42.7 mwa mamita 67.3 a chigawocho, ndiye kuti magawo 63 pa 100 alionse. Titenga gawo lomwelo la 0.25 n'kuliphatikiza pa 0.5, ndipo t akhala pafupifupi 0.66. Nambala imeneyi ndi imene timaipereka ku lamulo lija. Pakati penipeni pa msewu pali pa 0.66, osati pa 0.5.

Ine chimene chimandikhudza mtima n'chakuti ngakhale odziwa masamu akuya amabwerera ku tebulo lomweli. Pa mzere wowongoka kapena wozungulira bwinobwino, kuchoka pa s kubwerera pa t n'kosavuta. Koma pa mizere ya Bézier ya timadontho tinayi, imene ili yofala kwambiri, kawirikawiri palibe lamulo lachidule lopereka utali wake, ndiye kulitembenuza n'kosayamba n'komwe. Munthu amangoyeza pang'onopang'ono.

Tebulo lathu lili ndi zofooka zake. Njira yodulira imafupika nthawi zonse kuposa yokhota, n'chifukwa chake tapeza 231.3 pomwe utali weniweni ndi 232.3, ndipo t wolondola wa pakati ndi pafupifupi 0.67. Komanso mkati mwa chigawo chilichonse tangoyesa ngati liwiro silisintha, choncho kagalimoto kamayamba chigawo mozengereza, n'kuchimaliza mothamanga, kenako n'kugweranso pansi polowa china. Diso limaona kakudzutuka. Zigawo tikazichulukitsa kawiri, kuperewera kwa utali kumachepa pafupifupi kanayi. Ndi zigawo 100, pamsewu ngati uwu, diso silingaonenso kanthu. Ndipo mukasuntha kadontho kamodzi ka msewu, tebulo lakale lafa, muwerengerenso.

Kuti mudziwe ngati zatheka, uzani pulogalamu kuti izisiya kadontho pamsewu nthawi iliyonse imene chithunzi chasintha. Timadontho tikaunjikana kwina n'kutalikirana kwina, ntchito idakalipo. Tiyenera kundandalikana ngati mikanda pa ulusi. Amene amajambula ndi SVG ntchitoyi anawachitira kale: `getTotalLength()` imapereka utali wonse wa mzere, ndipo `getPointAtLength()` imalandira mtunda n'kubweza malo ake.