Kalata Yoitanira Makolo ku Tsiku la Chionetsero

Kalata yongoti "bwerani m'mawa" ndiyo imawononga tsiku loti ana aonetse ntchito zawo. Makolo ena amafika 7 koloko, ena 10 koloko sewero litatha, mwana n'kutsala akulira. Kalatayo itchule nthawi: kulandira alendo 8:30, kuyendera makalasi 9 koloko, ndakatulo ndi magule 11 koloko. Ipite kudakali sabata ziwiri, ndipo isagwe pa tsiku la msika.

Maudindo nawonso alembedwe. A komiti ya sukulu alandira alendo pachipata, ana a Sitandade 7 awaperekeza m'makalasi. Mphunzitsi aime pambali, mwana afotokoze yekha za galimoto yake yamawaya kapena mapu amene wajambula. Inu makolo, mufunseni kuti anapanga bwanji, ndipo dikirani mpaka amalize kuyankha.