Mmawa umodzi kumkomba phala

Pasukulu ya mkomba phala, ana a zaka zitatu mpaka zisanu satha kukhala phee nthawi yaitali. N'chifukwa chake mlezi wodziwa ntchito yake amadula tsiku m'zidutswa za mphindi 10 kapena 15.

Amayamba ndi bwalo: ana agwirana manja, nyimbo yotchula dzina la aliyense, kuwomba m'manja. Kenako kuwerenga, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Mwana aliyense apatsidwe zitsekerero za mabotolo zisanu, aziyale pamphasa, azikhudza chimodzichimodzi uku akutchula nambala. Akamaliza mumufunse kuti, "Zonse zilipo zingati?" Akayankha kuti zisanu, wamvetsa. Akayambiranso kuwerenga, kapena chala chikamathamanga kuposa pakamwa, ndiye kuti wangoloweza ngati nyimbo. Mubwezereni ku zitatu. Makolofe timanyadira mwana wolakatula manambala mpaka 20, chonsecho mukamutuma masupuni atatu amabwera ndi odzaza manja.

Zikatero atuluke panja akasewere phada kapena kuumba ng'ombe zadothi, n'kuwerenga miyendo yake. Pomaliza asambe m'manja, alandire phala. Mmodzi agawe makapu, kapu imodzi mwana mmodzi, anzake akuwerenga mokweza.