Pulinta Ikakana Nchito Cifukwa ca Thonje la Inki

Masiku ano m'masukulu ndi m'timasitolo ta m'boma la Chipata, kufikira ku Chadiza ndi ku Katete, mwadzala mapulinta a inki yothira kucokera m'botolo, monga Epson L382 ndi L3110. Macine amenewa amagwira nchito mokhulupirika, koma tsiku lina amangoima. Nyali ya pepala ndi nyali ya inki zimayamba kuthwanima, ndipo pa kompyuta pamaoneka mau akuti "ink pad is at the end of its service life". Pa mapulinta a Canon cizindikilo ca bvuto lomweli ndi 5B00. Eni ake ambiri amayesa kuti pulinta yafa, pamene mau aja angotanthauza kuti thonje lomwa inki yotayika lakwanitsa nthawi yake.

Mutu wa pulinta uli ndi tizibowo tating'ono kwambiri momwe inki imatulukira, ndipo inki ikauma tizibowo timatsekeka. Cifukwa ca ici pulinta imadzitsuka yokha: kapampu kamakoka inki kupyola m'tizibowo, ndipo kapaipi kamapita nayo m'kabokosi ka thonje kamene kali pansi, ca kumbuyo. Coyenera kudziwitsitsa ndi cakuti mulibe kacipangizo kopima kunyowa kwa thonjelo. Pulinta imangowerenga. Ikadzitsuka imawonjezera pa ciwerengero cimene imasunga, ndipo cikafika pa malire oikidwa ndi kampani, imakana kusindikiza kuopa kuti inki ingasefukire.

Tiyerekeze ndi aphunzitsi akulu a sukulu ya kumudzi. Pulinta yakhala yosagwira nchito chuthi conse, ndipo fumbi la mu Ogasiti lalowamo. Posindikiza mayeso, zilembo zituluka zodukaduka. Iwo alamula Head Cleaning kasanu motsatizana, kenaka Power Cleaning, imene imakoka inki yambiri koposa. Mapepala osindikizidwa ndi ocepa, koma ciwerengero cakwera ngati madzi a Lwangwa m'dzinja. Cenjezo loyamba, la mau akuti "nearing", likaoneka, pulinta imalola kupitiriza. Apo mpamene anayenera kufuna thonje latsopano ku tauni, mayeso asanayandikire.

Tsono pulinta itaima, acite ciani? Nchito zofunika ndi ziwiri, ndipo ina silowa m'malo mwa inzake: kusintha thonje, ndi kubwezera ciwerengero pa 0. Akasintha thonje lokha, pulinta siidziwa kanthu, ndipo nyali zidzathwanimabe. Akabwezera ciwerengero cokha, imasindikiza nthawi yomweyo, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka. M'misiri wofulumira amalumikiza kompyuta yake, natsegula pulogalamu ya Adjustment Program, nasankha Waste ink pad counter, nakanikiza Initialize, nalandira ndalama zake. Koma inki yakale ikali momwemo. Mwina ulendo woyamba thonje lingakhale lidakali ndi malo pang'ono, koma mukabwereza, inki imadontha pansi pa pulinta, kuononga thebulo ndi mapepala, ndipo ikafika pa nthambo za magetsi macine amafa zenizeni. Muzimuuza m'misiri atulutse kabokosiko inu muli pomwepo. Thonje lodzala limakhala lakuda bii, lolemera, ndipo limaca inki mukalidinikiza. Za mapulogalamu otengedwa mwaulere pa intaneti, cenjerani nawo, pakuti ena amabwera ndi mavairasi oononga kompyuta.

Ena amacapa thonje lakale ndi madzi naliyanika. Zimathandiza pa nthawi ya mabvuto, malinga liume kotheratu, ngakhale kuti silimwanso ngati latsopano. Madzi akudawo asatayidwe pafupi ndi citsime kapena m'dimba.

Kwa amene amasindikiza tsiku ndi tsiku, monga a timasitolo ta ku Kapata, pali njira yotulutsa kapaipi kunja ndi kukalowetsa m'botolo. Ubwino wake ndi wakuti inki yotayika muiona ndi maso. Koma botololo likhale pa thebulo lomwelo. Mukaliika pamwamba inki imabwerera m'kati, mukaliika pansi penipeni lingathe kumakoka inki yabwino, monga acitira wopopa petulo ndi paipi. Ciwerengero cidzafunikabe kubwezeredwa cikadzala, ndipo ngati pulinta ikali pa galanti, yambani mwaibwezera kumene munagula musanamasule kanthu.

Wofuna kugula yatsopano afunse ngati ili ndi kabokosi kosintha mwini wake. Epson L6270 imalandira kabokosi ka T04D1, ndipo Canon G3420 ka MC-G02. Timabokosi timeneti tili ndi kacipangizo kouza pulinta kuti katsopano kalowa, motero safunika m'misiri kapena pulogalamu. Afunsenso ngati sitoloyo imasunga timabokosito, kuopa kudikira katundu wocokera ku Lusaka pamene ana ali pakati pa mayeso.