Chomwe munthu amafuna pa ntchito chimasintha akamakula

Funsani mnyamata yemwe wangomaliza kosi ya umakaniko kuti akufuna ntchito yotani, akuuzani kuti iliyonse bola pakutha pa mwezi pazilowa kenakake. Mukamufunsanso ali ndi zaka 40, akuuzani kuti watopa ndi kupempha chilolezo kwa bwana ngakhale popita kumaliro a amalume ake. Akamayandikira zaka 60, nkhani yake imakhala ya penshoni, nyumba yomwe sinathe, ndi anyamata omwe anawaphunzitsa kugwira sipanala. Munthu ndi yemweyo, luso ndi lomwelo, koma chomwe akuchisaka pa ntchito chasuntha. Ambiri sazindikira kusunthaku, ndipo amasiya ntchito kapena kukakamira pamalo potsatira zofuna za msinkhu womwe anaudutsa kale.

Akatswiri a za ntchito anaifufuza nkhaniyi kalekale. Donald Super wa ku Amereka anagawa moyo wa pantchito m'magawo: zaka 15 mpaka 24 munthu amakhala akuyesa uku ndi uku, 25 mpaka 44 amakhazikika, 45 mpaka 64 amasunga zomwe wamanga, kenako amayamba kutula pansi. Mnzake Edgar Schein anatsatira anthu 44 omwe anaphunzira za utsogoleri wa makampani pa sukulu ya MIT, kuyambira cha mu 1961, n'kuona zomwe ankasankha m'zaka zotsatira. Anapeza kuti munthu aliyense ali ndi chinthu chimodzi chomwe sangalole kuchitaya atakakamizidwa kusankha. Kwa wina ndi ntchito yodalirika, kwa wina ndi ufulu wodzilamulira, kwa wina ndi utsogoleri, kwa wina ndi luso lenilenilo. Chinthucho munthu sachidziwa ali pasukulu. Chimaonekera atagwira ntchito zaka zingapo, atalawa zomwe zimamusangalatsa ndi zomwe zimamuwawa.

Awiriwa akuoneka ngati akutsutsana, wina akuti zimasintha, wina akuti chilipo chosasuntha. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona. Mtima wa munthu umakhala ndi komwe unapendekera, koma katundu yemwe wasenza pa msinkhu uliwonse ndi amene amalamula kuti mtimawo aumvere liti.

Kuno kwathu ndondomeko yake siifanana ndi ya m'mabuku a kunja, momwe wachinyamata amayamba ndi ufulu, kuyendayenda ndi kusinthasintha ntchito, chitetezo n'kudzachifuna atakwatira. Wachinyamata wa ku Malawi nthawi zambiri amayamba ndi chitetezo, chifukwa ntchito zolembedwa ndi zochepa ndipo malipiro ake oyamba amakhala ali ndi eni ake kale: fizi ya mng'ono wake, feteleza wa amayi kumudzi, lendi ya chipinda. N'chifukwa chake omaliza maphunziro a uphunzitsi amadikira ngakhale zaka kuti boma liwalembe, akugwira maganyu m'masukulu a anthu wamba. Amadziwa kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Pambali pa chitetezocho pamakhalanso njala ya ulemu wooneka ndi maso: yunifolomu, chiphaso cha pakhosi, kuti kumudzi azinena kuti mwana wa uje ali pantchito m'tauni. Tisaipeputse njala imeneyi. Kwa munthu yemwe banja lake linagulitsa mbuzi kuti aphunzire, ulemuwo ndi njira yobwezera ngongole.

Pomwe pamavuta kwenikweni ndi pakati, zaka za m'ma 35 mpaka 45. Apa ufulu ndi chitetezo zimakokana mwamphamvu kuposa nthawi ina iliyonse. Munthu wafika poidziwa ntchito kuposa ena omwe amamulamula, makasitomala amamufuna iyeyo pomutchula dzina, ndipo akuona kuti mipando ya pamwamba ndi yochepa. Mtima umati ayambe zake. Koma ndi nthawi yomweyonso yomwe ana akulowa sekondale, makolo ayamba kudwaladwala, ndipo poloti ili pa faundeshoni.

Tiyerekeze makaniko wa zaka 40 yemwe wagwira zaka 12 pa kampani ina ku Kanengo, ndipo amalandira K400,000 pamwezi. Akufuna kusiya kuti atsegule galaja yake ku Biwi. Loweruka ndi Lamlungu amakonza kale magalimoto a anthu pakhomo, ndipo akawerengera amaona kuti atamagwira sabata yonse, K400,000 angaipeze mosavuta. Cholakwika chimayambira pomwepo, chifukwa akuyerekeza phindu la galaja ndi malipiro okha, pomwe chitetezo chomwe akuchisiya chili ndi mtengo woposa pamenepo.

Poyamba pali penshoni. Malinga ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, bwana amaika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Kwa makaniko wathuyu, kampani imamuikira K40,000 mwezi uliwonse yomwe saiona m'manja, iye n'kuonjezera K20,000. Pachaka ndi K720,000, ndipo atagwirabe mpaka zaka 60, zaka 20 zimenezo zingasonkhanitse K14.4 miliyoni, osawerengera phindu lomwe thumbalo limapanga kapena kukwera kwa malipiro. Kachiwiri pali ndalama zomwe lamulo la ntchito limati munthu alandire kampani ikamuchotsa pochepetsa antchito: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zotsatira, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11. Pa zaka 12 ndi masabata 33, pafupifupi K3 miliyoni. Wosiya yekha ndalama imeneyi saiona. Ndiye ngati pakampani pakumveka mphekesera zochepetsa anthu, kuthamangira kulemba kalata yosiya ntchito n'kudzimana.

Kachitatu, malipiro amabwera miyezi yonse 12, ngakhale adwale malungo kapena apite kutchuthi. Galaja siitero. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, ndipo mafuta akasowa magalimoto amagona pamizere m'malo mobwera kudzakonzedwa. Tingoti miyezi iwiri pachaka ndi yakufa. Kuti afanane ndi pomwe ali lero, ayenera kupeza K440,000 kuchulukitsa ka 12, yomwe ndi K5,280,000, m'miyezi khumi yokha. Ndiye kuti mwezi wabwino uzimusiyira K528,000 atalipira kale lendi ya malo, magetsi, anyamata omuthandiza ndi zipangizo zomwe zatha. Ngati kope lomwe amalembamo za maganyu ake a kumapeto kwa sabata, atalisunga kwa chaka chathunthu, likuonetsa kuti angafike pamenepo, ndipo ali ndi ndalama yodyera miyezi ingapo yomwe siili mbali ya mpamba, ufulu wake wakhwima. Ngati alibe n'kope lomwe, sanakonzeke.

Komabe ndinganame nditati chitetezo cha malipiro n'cholimba ngati kale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangotha chaka ndi theka chiigwetsereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. K400,000 ija, yomwe inali ngati madola 340, inasanduka madola 235 tsiku limodzi. Mwini galaja amatha kukweza mtengo mawa lake, koma wapantchito amadikira kuti bwana akhale pansi ndi anzake. N'chifukwa chake anthu ambiri a msinkhu wapakati sasankha mbali imodzi. Amagwira ntchito masana, kwinaku ali ndi kabaza pamsewu, nkhuku kuseri kwa nyumba, kapena kagolosale komwe akuyang'anira mayi a ana. Ena amati kumeneko n'kusakhulupirika pa ntchito. Ine ndimati ndi nzeru, bola asabe nthawi kapena zipangizo za bwana.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti mtima wake wasinthadi, osati wangotopa ndi bwana wovuta? Njira ya Schein ndi yothandiza apa: osafunsa zomwe umalakalaka, koma kuyang'ana zomwe unasankha m'mbuyomu. Makaniko yemwe anakanapo kukhala folomani chifukwa sankafuna kusiya injini n'kumagwira mapepala, mtima wake uli pa luso, ndipo galaja yakeyake idzamupatsa mapepala ochuluka kuposa aja anawathawa: ngongole za makasitomala, msonkho, mikangano ya anyamata. Wina yemwe kudandaula kwake kumatha bwana akapita kutchuthi, chomwe akufuna ndi bwana wina kapena kampani ina, osati bizinesi. Wofunadi ufulu amadziwika chifukwa ngakhale bwana akhale wabwino chotani, kulamulidwa kumamuwawabe, ndipo amalolera kudya zochepa kuti tsiku likhale lake.

Kwa amayi, ufulu nthawi zambiri sutanthauza kukhala bwana, koma kukhala ndi mphamvu pa nthawi yawo. Lamulo limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, koma mwana samasiya kudwala tchuthicho chikatha. Namwino kapena mphunzitsi angakane kukwezedwa chifukwa udindowo uli kuboma lina, kutali ndi banja. Anthu amafulumira kunena kuti alibe chidwi chopita patsogolo, pomwe ana akakula, mayi yemweyo ali ndi zaka 45 amabwerera kusukulu kukatenga digiri n'kuyamba kulimbirana mipando. Mabwana omwe anamuchotsa kale m'maganizo mwawo amataya munthu wokhwima.

Zaka 50 zikadutsa, chitetezo chimabwereranso patsogolo, koma chasintha nkhope. Funso silikhalanso loti ndilembedwa kodi, koma loti ndikapuma ndidzadya chiyani, ndipo ndikadwala adzalipira ndani. Lamulo la penshoni la 2023 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, zotsalazo n'kumalandira pang'onopang'ono. Ngozi yaikulu ili pa theka limenelo. Munthu yemwe anaupondereza mtima wofuna ufulu kwa zaka 30 amafuna kuukhutitsa tsiku limodzi: amagula minibasi kapena chigayo, bizinesi yomwe sanaigwirepo, pa msinkhu womwe ikagwa alibenso zaka zogwira ntchito kuti abweze. Makaniko wathu uja akanagwa pa zaka 40, akanatha kukalembedwanso kwina. Pa zaka 60 khomo limenelo limakhala litatsekeka.

Ulemu nawo umasamuka. Wa paudindo umatha tsiku lobweza makiyi a ofesi, ndipo foni yomwe inkalira tsiku lonse imangoti zii. Omwe zimawapweteka kwambiri ndi aja omwe dzina lawo lonse linali mpando. Ena amakhala atayamba kale kuusamutsira kwina ulemuwo akadali pantchito: ndi akulu a mpingo, ali m'komiti ya sukulu, ndi ankhoswe a mabanja, kapena anaphunzitsa achinyamata omwe lero ali ndi magalaja awoawo ndipo injini ikawakanika amabwerabe kudzafunsa. Makampani ndi maofesi a boma angapindule atamapatsa antchito a msinkhu umenewu ntchito yophunzitsa atsopano m'zaka zawo zomaliza, m'malo mongowasiya aziwerenga miyezi yomwe yatsala.