Purosesa ya Magemu: Makowa Ambiri Kapena Liwiro?

Mu 2012 kampani ya AMD inatulutsa purosesa yotchedwa FX-8350. Inali ndi makowa 8, kutanthauza timaubongo timene timagwira ntchito palokhapalokha m'kati mwa purosesa, ndipo inkathamanga pa 4.0 GHz. Chaka chomwecho Intel inatulutsa Core i5-3570K ya makowa 4 okha pa 3.4 GHz. Poona manambala, FX inkaoneka kuti ilibe mnzake. Koma pa magemu ambiri a nthawiyo, i5 ndi imene inkatsogola.

Chifukwa chake chagona pa mmene gemu imagwirira ntchito. Kuti ionetse zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chiyenera kukonzeka m'mamilisekondi 16.7. M'kanthawi kameneko purosesa imamva batani limene wosewera wadina, kenako imawerengera kumene chinthu chilichonse chasunthira, ndipo pomaliza imauza khadi la zithunzi zoti lijambule. Ntchitozi zimadikirana. Zili ngati kuphika nsima ya paukwati: ena amatunga madzi, ena amawaza nkhuni, koma mthiko umagwiridwa ndi munthu mmodzi, ndipo akachedwa iyeyo, onse achedwa.

Katswiri wa makompyuta Gene Amdahl anafotokoza malire amenewa mu 1967. Tiyerekeze kuti chithunzi chimodzi chimatenga mamilisekondi 20 pa kowa imodzi, ndipo theka la ntchitoyo silingagawidwe. Mamilisekondi 10 amenewo sasintha, ena 10 ndiwo amagawidwa. Pa makowa 4 chithunzi chitha m'mamilisekondi 12.5, zomwe ndi zithunzi 80 pa sekondi. Pa makowa 8 zifika 89, ndipo pa makowa 16 zingofika 94. Koma makowa 4 aja akathamanga kuposa kale ndi 20 peresenti, zithunzi zimafika 96, chifukwa liwiro limafupikitsa ndi gawo losagawika lija.

Komabe magemu a lero si a 2012. PlayStation 4 ndi Xbox One, zimene zinatuluka mu 2013, zinali ndi makowa 8 ofooka osafika 2 GHz, choncho opanga magemu anakakamizika kuphunzira kugawa ntchito. DirectX 12 mu 2015 ndi Vulkan mu 2016 zinalola kuti makowa angapo azikonza pamodzi malangizo opita ku khadi la zithunzi. PlayStation 5 ya mu 2020 nayonso ili ndi makowa 8. N'chifukwa chake magemu akuluakulu a masiku ano amapindula kufika pa makowa 6 kapena 8, ndipo kupitirira apo phindu limachepa kwambiri. Makowa akachepa, gemu imachita dodoma kukachuluka anthu ndi magalimoto, makamaka ngati wosewera akuulutsanso masewerawo pa intaneti.

Nambala ya GHz nayo siyenera kukhulupiriridwa payokha. Imangonena kuti kowa ikugunda kangati pa sekondi, osati kuti pa kugunda kulikonse yamaliza ntchito yochuluka bwanji. Apa ndi pamene FX inagwera. Kuyerekeza GHz kumathandiza pokhapokha mapurosesawo ali a mtundu ndi m'badwo umodzi.

Palinso kashe, kankhokwe ka m'kati mwa purosesa kosungiramo zinthu zofunika pafupipafupi. Mu 2022 AMD inatulutsa Ryzen 7 5800X3D ya makowa 8, yofika 4.5 GHz, ndi kashe ya L3 ya 96 MB. Mnzake 5800X amafika 4.7 GHz koma kashe yake ndi 32 MB. Pa magemu ambiri 5800X3D inaposa mnzakeyo, inaposanso Ryzen 9 5950X ya makowa 16, poti makowa ake sataya nthawi yambiri kudikira RAM.

Mwini kompyuta angadzionere yekha chimene chikuchedwetsa gemu yake. Gemu ili mkati, atsegule Task Manager, apite pa Performance, asankhe CPU, kenako adine kumanja pa chithunzicho n'kusankha Change graph to ndi Logical processors. Asadalire peresenti ya purosesa yonse, chifukwa pa makowa 16 imodzi ikatanganidwa kotheratu ena ali chete, nambalayo imaonetsa 6 peresenti yokha. Makowa onse akadzaza, ndiye kuti achepa. Ikadzaza imodzi kapena ziwiri, pakufunika makowa amphamvu, osati ochuluka.

Windows imasunthasuntha ntchito pakati pa makowa, choncho ndi bwino kutsimikiza ndi njira ina: kutsitsa rezolushoni kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Zithunzi pa sekondi zikapanda kukwera, pamene V-Sync ndi yozimitsa, purosesa ndi imene yatsekereza. Zikakwera kwambiri, vuto lili pa khadi la zithunzi, ndipo ndalama zikafunika kupita kumeneko purosesa isanakhudzidwe.