Mkango ndi nangula pa supuni ya siliva

Mukatembenuza supuni yakale ya siliva, kumsana kwa chogwirira mumapeza tizidindo ting'onoting'ono ngati njere za mapira. Ambiri amathamangira nambala, koma nambala sinena dziko. 925 imangotanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva weniweni, monganso 750 pa mphete ya golide. Amisiri a ku Italy, Mexico ndi Thailand onse amadinda 925. Chimene chimaulula kwawo kwa chinthu ndi kachithunzi.

Tiyerekeze kuti galasi lokulitsira zinthu lakuonetsani zidindo zinayi: malembo awiri, nangula, mkango woyenda utakweza phazi limodzi lakutsogolo, ndi chilembo chimodzi chili pachokha. Mkangowo, umene unayamba kudindidwa mu 1544, ndi umboni wa ku England woti siliva wake wafika pa 925. Nangula akunena kumene anamuyesa, ku Birmingham, mzinda umene ofesi yake yoyesa siliva inatsegulidwa mu 1773. Akadayesedwa ku London pakadakhala mutu wa kambuku. Malembo awiri aja ndi a mmisiri kapena kampani imene inapereka supuniyo kukayesedwa, pomwe chilembo chapachokha ndi cha chaka. Chimasintha chaka ndi chaka, ndipo afabeti ikatha amayambiranso ndi kalembedwe kena, choncho yang'anitsitsaninso maonekedwe a chilembocho ndi kabwalo kamene chakhalamo.

Apa ndipo pagona msampha umene umandidetsa nkhawa ndikaganizira ogula. Kampani ya Gorham, ya ku Providence m'dziko la America, nayonso inkadinda mkango ndi nangula, kenako chilembo G. Munthu wapaphuma anena kuti ndi za ku Birmingham. Koma mkango wa ku England umayang'ana kumanzere, pomwe pa zinthu zambiri za Gorham umayang'ana kumanja, ndipo pambali pamakhala mawu akuti STERLING. Ku Netherlands nakonso kuli mkango woyenda, wokhala ndi nambala 2 pansi pake, koma siliva wake ndi wotsikirapo. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira chidindo chimodzi chisanagwirizane ndi zinzake.

Maiko ena savuta kwenikweni. France imadinda mutu wa Minerva wovala chisoti pa siliva kuyambira mu 1838, ndi mutu wa chiwombankhanga pa golide wa 750. Mwezi wokhala kumene pambali pa chisoti chachifumu ndi Germany, kuyambira mu 1888.

Komanso chidindo cha ofesi chimanena kumene chinthu chinayesedwa, osati kumene chinasulidwa. Katundu wochokera kunja ankadindidwanso akafika ku Britain. Ndipo mukaona malembo akuti EPNS, musavutike kufufuza mzinda. Ameneyo ndi siliva wongokutira pamwamba pa chitsulo china, ndipo pamene papekeseka ndi zala, mtundu wam'kati umaonekera.