Tsiku limene mabuku a SAKO asamukira pa intaneti

Manijala wa SAKO akasonkhanitsa ogwira ntchito madzulo a tsiku lomaliza la mwezi n'kuwauza kuti mawa mabuku a ndalama akhala pa kilaudi, ambiri amaganiza za kompyuta yatsopano. Koma kompyuta ya pa desiki imakhala yomwe ija. Chosintha n'chakuti ziwerengero sizisungidwanso m'chipinda cha akauntanti. Zimakhala pa makompyuta a kampani ina kutali, ndipo kalaliki amazifikira kudzera pa intaneti.

Manijala wodziwa ntchito amayamba ndi ola lotsekera. Amanena poyera kuti ikakwana 5 koloko, pulogalamu yakale yatsekedwa: kuiwerenga n'kololedwa, kulembamo ayi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa ndalama zimene membala aliyense watsala nazo pa ola limenelo, za masheya, zosunga ndi ngongole, ndizo zimakopedwa kukhala poyambira m'mabuku atsopano.

Tiyerekeze mphunzitsi amene ali ndi ngongole ya K200,000. Wafika mochedwa ndi K20,000, ndipo keshiya, pomumvera chisoni, walemba m'pulogalamu yakale ziwerengero zitakopedwa kale. Mawa lake mabuku atsopano akuonetsabe K200,000, pamene lisiti la mphunzitsiyo likuchitira umboni kuti yatsala K180,000. Chiwongoladzanja chiwerengedwa pa ndalama yolakwika, ndipo munthu wolipira mokhulupirika angaoneke ngati wozemba. Vutoli limagwidwa poyerekeza: chiwonkhetso cha ngongole zonse m'mabuku akale ndi m'mabuku atsopano chiyenera kufanana mpaka pa tambala, ndipo ndalama za m'kabati ziyenera kugwirizana ndi zolembedwa. Zikasiyana, zitseko zisatsegulidwe kwa mamembala mpaka chifukwa chitapezeka. Kuchedwa ola limodzi m'mawa kuli bwino kusiyana ndi kukangana ndi mamembala miyezi ingapo.

Chachiwiri ndi pasiwedi. Chizolowezi choti ofesi yonse izilowa ndi dzina limodzi chimathera pomwepo. Pulogalamu imalemba amene walowetsa kapena kusintha chiwerengero, ndi nthawi yake, kotero wobwereketsa mnzake pasiwedi wasenza mlandu wa mnzakeyo. Izi n'zofunika, pakuti kuchokera pa lamulo la 2011, ma SAKO a m'Malawi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo oyendera mabuku amafunsa kuti analemba ndani.

Nanga netiweki ikagwa kapena magetsi akazima? Ogwira ntchito amafunsa funsoli nthawi zonse, ndipo salakwa. Ziwerengero sizitayika, koma sizifikirika. Yankho loona ndi buku la malisiti a manambala otsatizana: keshiya alandire ndalama, alembe pamanja, ndipo netiweki ikabwerera alowetse lisiti lililonse kamodzi kokha, n'kulichonga. Kupereka ndalama zambiri membala asanaonedwe m'mabuku kudikire.

Inu mamembala, sabata yosamukayo pemphani sitetimenti yanu, muiyerekeze ndi malisiti amene muli nawo kunyumba.